Nkhope ya Mayi pa Khosi Langa

Ndiyambe ndi kuyamika Mulungu amene wandisunga mpaka imvi zino. Ndiye amene amagawira anthu nzeru za m'manja, wina kusema, wina kusoka, wina kuweta kuwala monga tiwetera mbuzi. Ndimuyamikenso chifukwa sanandisiye mu uchitsiru wanga chaka chimene ndinadula chithunzi cha mayi anga ndi lezala.

Mayi anamwalira ku Chipoka m'nyengo ya dzinja, kutatsala masabata awiri kuti avekedwe yunifolomu ya amayi a mpingo. Maphunziro onse anali atamaliza, mavesi ataloweza, ngakhale kuwerenga ankachita kutsata ndi chala. Bulauzi yoyera anasoka okha pamanja, kolala yake anaiphwasula katatu mpaka inakhala bwino. Koma malungo sadikira tsiku la mwambo. Lamulo la kwathu linali lakuti wovala yunifolomu m'bokosi ndi yekhayo amene anavekedwa ali moyo pamaso pa mpingo. Choncho mayi anapita m'nsalu wamba, bulauzi ija n'kutsala m'sutikesi.

Bambo anga anali kalipentala wa padoko, munthu wosalankhulalankhula. Pa maliro sanatsutse. Koma pambuyo pake ndikapita kukawaona kuchokera ku Salima, kumene amuna anga ankagwira ntchito pa siteshoni ya sitima, ndinkawapeza atatulutsa bulauzi ija, ataiyala pabedi, pambali pake ataika chithunzi cha mayi. Chithunzicho chinali chimodzi chokha padziko lonse lapansi. Anajambula munthu wina woyendayenda ndi kamera, tsiku la ubatizo wa mwana wanga woyamba. Mayi anali ataima pa khoma la tchalitchi, atavala duku yoyera ndi diresi lamaluwa.

"Ndikanangomuona kamodzi kokha ataivala," ankatero bambo. Sankauza ine. Ankauza khoma.

Mawu amenewa anandilowa, ndipo ndinaganiza zowathandiza mwa nzeru zanga. Ndinali ndi chithunzi cha mayi wina wa mpingo wathu wa ku Salima atavala yunifolomu, msinkhu wake wofananako. Ndinabwereka chithunzi cha mayi kwa bambo, ndinati ndikufuna kukaonetsa ana. Kunyumba ndinatenga lezala yatsopano, n'kudula mutu wa mayi mozungulira duku, mpaka pansi pa chibwano. Sindinadule pafupi kwambiri, ndinasiya kakhoma pang'ono kuzungulira mutu wonse poopa kudula khutu. Ndinamata mutuwo ndi guluu pa thupi la mayi uja. Chotsala cha chithunzi, diresi lopanda mutu, chinandiopsa, ndipo ndinachiponya pamoto.

Ndinkaona ngati ndachita chinthu chokoma. Maso a munthu wofunitsitsa saona msoko.

Bambo anachilandira ndi manja awiri. Anachiyang'ana nthawi yaitali. Kenaka anayendetsa chala pansi pa chibwano cha mayi, pamene panali mzere woyera wa pepala lodulidwa, wotumphuka ngati chipsera.

"Wamudula khosi," anatero.

"Ababa, ine ndimafuna..."

"Chenicheni chili kuti?"

Ndinawauza. Sanakalipe. Anaika chithunzicho m'manja mwanga, n'kutuluka kupita kukhonde kukanola tchizulo chimene chinali chakuthwa kale. Kuyambira tsiku limenelo ndikapita, ankayankha moni wokha. Ndiwo zimene ndinkawatengera ankapatsa anansi. Miyezi itatu inatha chotero. Mkazi wawo anali atapita, ndipo ine mwana wawo ndinali nditawalanda nkhope yomwe inatsala.

Ndinapemphera pemphero la munthu wosweka mtima, lopanda mawu ambiri. Yankho linabwera kudzera mwa amuna anga, amene anati pafupi ndi msika pali wojambula zithunzi, Msilamu wa kunyanja, amene anaphunzira ntchitoyi kwa mmwenye wina ku Limbe. Iye ndiye ankajambula antchito a pa siteshoni zithunzi za ziphaso.

Situdiyo yake inali kachipinda kamodzi kutsogolo, kena kumbuyo. Pakhoma panali zithunzi za maukwati ndi za ana a sukulu, ndipo pamwamba pa zonse, monga zinalili m'sitolo iliyonse masiku amenewo, panali chithunzi cha mtsogoleri wa dziko. Mwini wake anali bambo wochepa thupi, wa kofia yoyera, zikhadabo zake zoderako ndi mankhwala. Ndinamupatsa chigamba changa nditatsitsa maso.

Anachitengera pakhomo powala, n'kuchipendeketsa.

"Amene anachita izi ndi ndani, chemwali? Wogulitsa nyama?"

"Ndine, bambo."

"Pepani. Koma ndanena kale." Anaseka pang'ono, ndipo ataona misozi yanga analeka. Ndinamufotokozera zonse. Anandifunsa ngati wojambula woyendayenda uja angapezeke, kuti tipemphe negetivu, kafilimu kamene chithunzi chimachokerako. Ndinati ngakhale dzina lake sitinalidziwe.

"Ndiye kuti mayi anu ndi kapepala aka basi," anatero. Anatenga galasi lokulitsira zinthu, n'kuyang'ana mozungulira mutu. "Koma taonani. Mantha anu atipulumutsa. Mukanadula mogundiza tsaya, ndikanakubwezani. Kakhoma mwasiyaka ndi malo anga ogwirira ntchito."

Anandiuza kuti mutu ukhoza kukhala pa thupi lina popanda wina kuona polumikizira, koma thupi limene ndinasankha linali losatheka. Anandionetsa mthunzi wa mphuno ya mayi, wogwera kumanja. Pa bulauzi ya mayi winayo mithunzi inkagwera kumanzere.

"Dzuwa silituluka mbali ziwiri tsiku limodzi. Munthu sangadziwe chimene chalakwika, koma mtima wake umakana. Pafunika thupi latsopano, lojambulidwa dala, dzuwa lili pomwe linali tsiku limenelo. Ndipo khosi munalitaya, ndiye pafunikanso khosi." Anandiyang'ana kuchokera kumapewa mpaka kuchibwano monga telala. "Lanuli ndi lomwelo. Valani bulauziyo ndinu."

Apa panali vuto. Ine nthawi imeneyo ndinali ndisanavekedwe. Kuvala yunifolomu usanavekedwe kunali ngati kudya mgonero usanabatizidwe. Ndinali nditalakwa kale kamodzi mwa kuchita zinthu mobisa, ndipo sindinafune kuwonjezera. Ndinakwera sitima kupita ku Chipoka, kwa amayi otsogolera gulu la amayi kumeneko, omwe aja anaimika lamulo pa maliro. Anali mayi wamkulu thupi, mphunzitsi wopuma, wa mawu omveka kutsidya kwa msewu. Ndinkayembekeza kukalipiridwa.

Anamvetsera mpaka kumapeto, akupukuta magalasi awo.

"Mwana wanga, ukuganiza kuti ine ndimagona bwino? Amayi ako ndinkakhala nawo benchi limodzi. Lamulo ndi lamulo, sindinalipange ndine, koma linandipweteka pakamwa polinena." Anavala magalasi aja. "Iwe suvala. Ndikuveka ndine, ndi kukuvula ndine. Ndipo sutuluka nayo pamsewu."

Iwo ndiwo anapita kwa bambo kukatenga bulauzi. Anawauza chiyani sindidziwa. Anabwera nayo ku Salima itakulungidwa m'nsalu, ndipo anagona kwathu masiku atatu.

Tsiku loyamba wojambula anagwira ntchito pa kamutu kaja. Anakamatula pang'onopang'ono ndi nsonga ya mpeni. Anakatembenuza, n'kupala kumbuyo kwa mphepete ndi sandipepala wosalala mpaka mphepetezo zinapyapyala ngati khoko la anyezi. Pamene lezala inasiya poyera anadetsapo ndi pensulo yofewa. Kenaka anakagoneka pa katoni yotuwa ngati khoma la tchalitchi lija, anaika nyali imodzi uku ina uku kuti mphepete isaponye mthunzi, n'kukajambula ndi kamera ali pafupi kwambiri.

"Tsopano mayi ali ndi negetivu," anatero. "Ngakhale zinazi zikanike, nkhope siitayikanso."

Mawu amenewo okha anandimasula chifuwa.

M'mawa mwake anatitengera kuseri kwa situdiyo, kumene kunali khoma losapaka laimu. Amayi otsogolera anandiveka bulauzi m'kachipinda, akukonza kolala ndi zala zawo zonenepa. Inkanunkhira sopo wa mayi. Inandikwana ngati anayeza ine. Duku anandimanga yothina kwambiri, chifukwa wojambula anati mutu wanga uyenera kuchepa kuti ukabisale wonse kuseri kwa mutu wa mayi.

Tinadikira dzuwa. Iye anali ndi kamutu ka mayi m'dzanja, akuyang'ana iko, akuyang'ana ine.

"Likwere pang'ono. Mthunzi wa mphuno sunafike."

"Bambo inu, mwanayu apsa," anatero amayi otsogolera. "Kapena mukudikira mwezi, monga mumachitira pa Ramazani?"

"Mwezi timauona tonse, mayi. Inu mumangotsala pa kusala kudya."

"Ine kusala? Mukundiona bwino?"

Anaseka onse awiri. Kenaka wojambula anandiuza kuti nditembenuze chibwano pang'ono kumanzere, nditsitse, ndikwezenso pang'ono, phewa ili libwerere. Kamera anaiika molingana ndi maso anga, chifukwa anati wojambula woyamba uja anajambula ataimirira. Anandijambula kangapo, pena pafupi ndi khoma, pena patali, kuti pakapezeke chimodzi chimene kutuwa kwa khoma kukafanane ndi kwa tchalitchi. Atangomaliza, amayi otsogolera anandikokera m'kati n'kundivula.

Tsiku lachitatu masana, mafilimu atauma, ndinapempha kuti ndione nawo ntchitoyo. Wojambula anakana, anati m'chipinda chamdima simulowa alendo. Ndinachonderera. Ndinati ndinawononga ndi manja anga, andilole ndione ndi maso anga pokonza.

"Mkazi wa mwini m'chipinda chamdima ndi mwamuna?" anatero amayi otsogolera. "Ndilowa nawo."

"Mayi, chipindacho n'cha munthu mmodzi ndi theka."

"Ndiye inu ndinu thekalo."

Tinalowa atatu. Wojambula anatseka chitseko, n'kutsitsa bulangete, kunja dzuwa likuswa mtengo. Munkayaka kanyali kofiira kokha, kamene anati pepala la zithunzi silikaona. Munali fungo lowawasa ngati viniga. Panali mbale zitatu zamakona zokhala ndi mankhwala, ndi mtsuko wa madzi ozizira oziziritsira mankhwalawo, chifukwa kutentha kwa Salima kumawafulumizitsa. Pakona panali makina okulitsira, chinthu chokhala ngati nyali yoweramira pansi pa mtengo wachitsulo. Amaika negetivu m'kati mwake, ndipo kuwala kumadutsamo n'kugwetsa chithunzi pathabwa pansi.

Anaika negetivu yanga. Ndinadziona pathabwapo, nkhope yoyera, bulauzi yakuda, zonse zotembenuka. Anayala pepala wamba, n'kulemba ndi pensulo mapewa anga, kolala, khosi, chibwano, ndi timadontho tiwiri pa maso. Anaika chizindikiro pa mtengo wachitsulo. Kenaka anachotsa ine n'kuika mayi, n'kukweza ndi kutsitsa makinawo mpaka maso a mayi anagwera pa timadontho tija, chibwano chawo pa mzere wa chibwano changa. Amayi otsogolera anapumira m'mwamba. Apanso wojambula anaika chizindikiro.

Ndiye anatenga galasi la pawindo, nalikhazika pa mabokosi a machesi osanjikiza m'makona anayi, kuti likhale m'mwamba pang'ono, osagunda pepala. Pagalasipo anagoneka katoni yakuda. Mutu wa mayi unagwera pa katoniyo, ndipo anaulemba mozungulira, mzere wake ukudutsa m'kakhoma kaja ndinasiya, m'kati mwa pamene lezala yanga inadutsa, n'kutsikira mu mthunzi wa pansi pa chibwano. Anadula ndi mpeni motsata mzerewo. Katoni imodzi inasanduka ziwiri: kachidutswa kooneka ngati mutu, ndi chotsala chokhala ndi bowo looneka ngati mutu.

"Awa ndi mamasiki," anatero. "Zophimba. Aka kaphimba mutu wanu pamene thupi likulowa. Ichi chiphimba thupi pamene mutu wa mayi ukulowa. Pepala ndi limodzi, kuwala kubwera kawiri."

"Nanga galasilo mwalikwezeranji?" ndinafunsa.

Anaika dzanja lake pathabwa pansi pa kuwala. Mthunzi wake unali wakuthwa ngati wodula ndi lumo. Analikweza pang'onopang'ono, ndipo mphepete za mthunziwo zinayamba kufewa, kusungunuka.

"Mwaona? Lezala yanu inati apa mayi athera, apa wina wayamba. Diso limagwira pamenepo. Ife tikufuna mphepete yonga ya nthenga, yoti sudziwa pamene yathera. Pakhosi apa inu muzichepa pang'onopang'ono, mayi azikula pang'onopang'ono, mpaka zikwanirane."

Mawu otere ndinkawadziwa kuchokera m'Baibulo, za wina woyenera kuchepa kuti wina akule, koma sindinaganizepo kuti ndingawaone akuchitika pathabwa, m'manja mwa munthu wopemphera moyang'ana kwina.

Anayamba ndi tizidutswa ta pepala, kuyesa kuti thupi lifuna kuwala kotalika bwanji, mutu kotalika bwanji, kuti khungu la khosi langa lifanane ndi la tsaya la mayi, ndi khoma lifanane ndi khoma. Anaonanso kuti bulauzi ikutuluka yakuthwa kwambiri, ulusi uliwonse ukuoneka, pamene nkhope ya mayi inali yofewa chifukwa inachokera pa kachithunzi kakang'ono. Anatenga kachidutswa ka sokosi yopyapyala ya akazi kokungidwa pa waya, kuti azikaika pansi pa diso la makina pamene thupi likulowa.

"Sokosi imeneyo mwaitenga kuti, bambo a kofia?" anafunsa amayi otsogolera.

"Musafunse zambiri, mayi. Ndili ndi akazi awiri, wina akuifunabe."

Kenaka anatulutsa pepala lenileni m'bokosi lake. Analigundiza ku timisomali ta pathabwa, n'kulemba kachizindikiro kumbuyo kuti asalitembenuze. Anaika kachidutswa ka mutu pagalasi, anayatsa, n'kuwerenga chapansipansi. Anazimitsa. Anabweza pepala m'bokosi, anasintha negetivu, anasuntha makina kufika pa chizindikiro, anayeza pa pepala la pensulo lija, anasintha chophimba, anabwezeretsa pepala pa timisomali, anayatsa, anawerenganso. Nthawi yonseyi pepalalo linali loyera mbee, lopanda kanthu. Munthuyo ankagwira ntchito pa chinthu chosaoneka, akukhulupirira kuti chilipo.

Analiviika m'mbale yoyamba, n'kumaigwedeza. Poyamba panalibe kanthu. Kenaka maso. Maso a mayi anga anatuluka m'madzi, kenaka mphuno, kenaka kolala. Ndinagwira mkono wa amayi otsogolera.

Koma pakhosi panali mzere wakuda, ngati mkanda wothina.

"Zophimba zapatsana malo ambiri," anatero. "Pamenepo kuwala kwafika kawiri." Analitaya m'ndowa.

Anasuntha chophimba pang'ono, kuchepera kunenepa kwa mtengo wa machesi, n'kuyambiranso zonse. Ulendo uno pakhosi panatuluka mzere woyera, ngati chipsera chomwe chija bambo anakhudza. Ndinatembenuka.

"Apa zaphimba zonse ziwiri, kuwala sikunafike. Musalire, chemwali. Pakati pa wakuda ndi woyera pali njira. Ndi yopapatiza basi."

Anatenga lumo, n'kudula timano tating'onoting'ono ngati ta sowo m'mphepete mwa zophimba zonse ziwiri, pa khosi pokha. Anawonjezera bokosi la machesi pa kona iliyonse, ndipo poti galasi linakwera, anayezanso zophimbazo n'kuzichepetsa pomwe zinafunika. Anati ulendo uno azigwedeza galasi pang'onopang'ono nthawi yonse imene kuwala kukuyaka, kuti timanoto tisaoneke, tingosiya kufewa. Thukuta linkagwa pachibwano chake. Ndinamumva akuti bisimila. Kumbali kwanga amayi otsogolera ankayendetsa milomo, ndipo ine ndinkapempha chinthu chimodzi chokha, kuti Iye amene analumikiza fupa ku fupa linzake m'chigwa chija cha mafupa ouma agwire dzanja la munthu uyu.

Pepala lachitatu linakanikanso, duku inali ndi kuwala kozungulira mbali imodzi. Pepala lachinayi analiviika, tonse titaweramira pambale.

Anatuluka maso. Linatuluka tsaya, ndi kachipsera ka nthomba kamene ndinkakadziwa kuyambira ndili kumsana. Mthunzi wa pansi pa chibwano unatsika, n'kukhala khosi, khosi n'kulowa m'kolala imene anaiphwasula katatu. Ndinafunafuna polumikizira. Ndinkadziwa pomwe panali, ndinaona ndi maso anga mpeni ukudutsa pa katoni, koma sindinapapeze. Mayi anga anali ataima pa dzuwa la m'mawa, atavala yunifolomu yawo, wathunthu ngati malaya aja a Ambuye olukidwa kuchokera pamwamba mpaka pansi opanda msoko.

Wojambula anasamutsira pepala m'mbale yachiwiri, kenaka yachitatu, ndipo patapita kanthawi anayatsa nyali yoyera. Amayi otsogolera anavula magalasi, anavalanso.

"Mnzanga," anatero kwa chithunzicho, mawu awo aakulu aja atachepa. "Yakukhala bwino."

Sindinena kuti chinali chozizwitsa, chifukwa ndinaona katoni, machesi ndi sokosi. Koma ndinaima pamenepo ndi mantha okoma, ngati munthu woyenera kuvula nsapato. Ndinaganiza: ngati munthu wa fumbi, wa zikhadabo zoderako, angathe kutenga nkhope yodulidwa n'kuipatsa thupi lina popanda chipsera, nanga Mwini kuwala adzachita zotani tsiku limene adzativeke matupi atsopano?

Chithunzi chitatsukidwa ndi kuuma, wojambula anatenga kaburashi ka tsitsi lochepa, n'kudontheza utoto pa timadontho toyera ta fumbi, ndi pamalo amodzi pafupi ndi khutu pomwe diso lake lokha linkaona kanthu. Ndinamufunsa ngati palibe mutu umene sangausunthe. Analoza ndi chibwano ku khoma la kutsogolo, pamwamba pa zithunzi zonse, pa chithunzi cha mtsogoleri chija, n'kunong'ona kuti, "Umodzi. Ndili ndi ana."

Tisananyamuke, amayi otsogolera anapempha cholembera. Anati chinthu chokongola chotere chikhoza kusanduka bodza ife tikadzapita, adzukulu n'kumati agogo anavekedwa. Analemba kumbuyo ndi dzanja lawo la uphunzitsi: Nkhope ndi ya mayi. Thupi ndi la mwana wawo. Bulauzi anasoka okha, koma Ambuye anawaitana asanavekedwe.

Tinapita ku Chipoka Loweruka. Tinapeza bambo pakhonde akukonza mpando wa munthu. Anapatsa moni amayi otsogolera, ine anangondigwedezera mutu. Ndinagwada, n'kuwapatsa envelopu ya chithunzicho. M'menemo munalinso chithunzi china chaching'ono cha nkhope yokha ya mayi, ndi negetivu yake yokulungidwa m'pepala.

Bambo anapukuta manja pa buluku. Anatulutsa chachikulucho. Anachiyang'ana. Kenaka anachita zimene ndinkaopa. Kalipentala sakhulupirira maso pa nkhani ya polumikizira. Anatseka maso, n'kuyendetsa chala chachikulu pakhosi, kupita uku, kubwerera uku. Anachipendeketsa pa dzuwa monga amayang'anira thabwa lopala. Anachitembenuza, anawerenga mawu a kumbuyo pang'onopang'ono, anachitembenuzanso.

"Guluu ali pati?"

"Palibe, ababa. Ndi pepala limodzi."

"Ndiye analumikiza ndi chiyani?"

Ndinayesa kufotokoza za zophimba ziwiri zodulidwa pa katoni imodzi, za galasi lokwezedwa, za mphepete yofewa. Anamvetsera ngati mmisiri akumva za mmisiri mnzake.

"Anapala mbali zonse ziwiri mopendekera," anatero, "kuti ina igone pa inzake. Timatero polumikiza thabwa la boti. Koma ife timasiyabe kamzere." Anapukusa mutu. "Munthu ameneyo ndikufuna ndikamuone."

Anayang'ananso chithunzicho, ulendo uno m'munsi, pamene manja anali atagwirana pamimba.

"Manja awa ndi ako."

"Ndi anga, ababa."

"Unaima nthawi yaitali?"

"Anapsa ndi dzuwa mwanayu," anatero amayi otsogolera, "inu muli pano kunola matchizulo."

Bambo anaseka, kuseka kwaufupi kosweka pakati, n'kupukuta m'maso ndi kumbuyo kwa dzanja. Anasuntha zida zawo pa benchi kuti papezeke malo.

"Dzuka pansipo, mayi wanga. Khala apa. Undiuzenso bwinobwino za galasilo, sindinamvetse kuti machesi amalowa pati."

Ndinakhala pambali pawo, ndipo ndinayambiranso pachiyambi. Anandifunsa mafunso mpaka sitima yobwerera inatisiya. Sabata yotsatira anapanga felemu ya mlombwa, makona ake olumikizidwa bwino koposa chilichonse chimene anapangapo, ndipo kumbuyo anaikako kagalasi kena kuti mawu aja aziwerengeka.

Inu amene mwawerenga izi, Mulungu wa mtendere akusungeni athunthu, mzimu, moyo ndi thupi. Pamene manja anu anadula mofulumira, akutumizireni mmisiri woleza mtima, ngakhale wochokera kumene simumayembekeza. Afewetse mphepete zakuthwa pakati pa inu ndi a m'nyumba mwanu, ndipo nkhope yake ikuwalireni, inu ndi ana anu, kufikira tsiku limene tidzaonane maso ndi maso. Amen.